Kebulo yalowa, magetsi akuyaka, koma sipidi yakakamira pa 94

Ngati kompyuta yanu mwailumikiza ku rauta ndi kebulo, nde mukamayeza sipidi nambala ikungoima pa 93, 94, pena 95 Mbps, m'mawa chimodzimodzi, usiku chimodzimodzi, olo anthu onse ataweruka mwatsala nokha mu ofesi, musathamangire kuimbira akampani ya intaneti kaye. Intaneti ikamavuta kuchokera kwa iwowo nambala imavinavina, pano 40 kenako 130 kenako 70, malingana ndi kuchuluka kwa anthu pa netiweki nthawi imeneyo. Koma ikamagunda pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, pansi pang'ono pa 100, nthawi zambiri ndiye kuti linki ya pakati pa kompyuta ndi rauta yagwirizana zoyenda pa 100 Mbps m'malo mwa 1000, ndipo vutolo lili m'nyumba mwanu momwemo, mu kebulo, mu pulagi ya kunsonga kwake kapena mu poti imene mwalowetsamo. Mukuona 94 osati 100 yeniyeni chifukwa gawo lina la linki limadyedwa ndi timauthenga ta adiresi ndi kawerengedwe timene timapita limodzi ndi paketi iliyonse. Pa linki ya gigabiti, ya 1000 Mbps ija, nambala yofanana nayo ndi cha m'ma 940.

Kale vutoli silinkaoneka kwenikweni kwathu kuno, poti intaneti imene ambiri tinali nayo sinkafika ndi pa 20 pomwe, nde kebulo ikhale pa 100 kaya pa 1000 zinalibe kanthu. Pano faiba yafika m'maofesi ambiri m'tauni, Starlink inalowa m'Malawi mu 2023, anthu akukopera mavidiyo a maukwati kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, makamera a chitetezo akutumiza zithunzi usana ndi usiku, ndiye makebulo amene anakokedwa zaka khumi zapitazo ayamba kuululika.

Chimene chimasokoneza anthu ndi chakuti kebulo yowonongeka timayembekezera kuti isiya kugwira ntchito basi, ngati waya wa magetsi akaduka. Koma kebulo ya netiweki imatha kuduka mbali ina mkati n'kumagwirabe ntchito bwinobwino, kungoti pa sipidi yochepa kakhumi, popanda kakalata kalikonse kotuluka pa sikirini kukuuzani. Kuti mumvetse chifukwa chake muyenera kuisenda kebuloyo n'kuona mkati.

Mkatimo muli timawaya 8, topotedwa tiwiritiwiri kupanga mapeya anayi, ya olenji, ya girini, ya buluu ndi ya bulauni, peya iliyonse waya mmodzi wa mtundu wokhawokha mnzake woyera wokhala ndi mizere ya mtunduwo. Pa pulagi, ija timati RJ45, pali mapini 8 a mtundu wa golide. M'kakonzedwe kamene ambiri timagwiritsa ntchito, T568B, olenji imakhala pa pini 1 ndi 2, girini pa 3 ndi 6, buluu pakati pa 4 ndi 5, bulauni kumapeto pa 7 ndi 8. Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Linki ya 100 Mbps, imene inakhazikitsidwa mu 1995, imagwiritsa ntchito mapeya awiri okha, olenji ndi girini, ina yotumizira ina yolandirira. Buluu ndi bulauni zimangokhala, sizinyamula kanthu. Gigabiti, imene inabwera mu 1999, imafuna mapeya onse anayi, peya iliyonse ikunyamula 250 Mbps kupita ndi kubwera nthawi imodzi, nde 250 kanayi ndi 1000 uja. Waya mmodzi yekha mwa 8 aja akaduka kapena akasiya kukhudza pini yake, gigabiti yatha, palibe zoti itsikira pa 750 ayi. Sitepe yotsatira pansi pake ndi 100.

Mukalowetsa kebulo, zipangizo ziwirizo zimayamba zakambirana, aliyense kunena sipidi imene angakwanitse, ndipo kukambiranaku kumachitikira pa olenji ndi girini basi. Nde tiyerekeze waya wa bulauni ndi woduka. Kompyuta ikuti ine ndimatha 1000, swichi, kabokosi ka mapoti ambiri kolumikizira makompyuta, ikuti inenso ndimatha, agwirizana, kenako ayesa kuyambitsa linki pa mapeya onse anayi, zakanika. Ayambiranso, zakanikanso. Makhadi ambiri a netiweki ndi maswichi anapangidwa kuti zikakanika kangapo motsatizana azisiya kutchula za 1000 n'kugwirizana pa 100, poti mapeya awiri ofunikawo ali bwino. Ndi chifukwa chake kebulo yotere mukailowetsa getsi la pa poti limachedwerapo kuyaka, mumadikira masekondi angapo owonjezera kusiyana ndi kebulo yabwino, ndipo ine kuchedwa kumeneko ndimakutenga ngati chizindikiro choyamba ndisanatsegule n'komwe chilichonse pa kompyuta. Zipangizo zina zilibe nzeru yotsikayi, zimenezo linki simabwera n'komwe kapena imangoyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Ndipo ngati wadukayo ali pa olenji kapena girini, kawirikawiri linki imafa yonse, zimene mwanjira ina zili bwinoko chifukwa vutolo mumaliona tsiku lomwelo. Loipa ndi la buluu ndi bulauni, limabisala zaka.

Choyamba kuchita ndiye ndi kuona sipidi ya linki yeniyeniyo, osati ya intaneti. Pa Windows dinani batani la Windows ndi R, lembani `ncpa.cpl`, dinani kawiri pa Ethernet, muona mzere wolembedwa Speed, ukhala `100.0 Mbps` kapena `1.0 Gbps`. Okonda PowerShell, `Get-NetAdapter` imaonetsa zomwezo pansi pa LinkSpeed. Pa Linux:

```
sudo ethtool eth0
```

m'malo mwa `eth0` muike dzina la khadi lanu, ambiri masiku ano amakhala ngati `enp3s0`. Muyang'ane mzere wa `Speed` ndi wa `Duplex`, komanso pamene palembedwa `Link partner advertised link modes` ngati khadi lanu limaonetsa zimenezo. Mukapeza kuti mbali zonse ziwiri zikutchula `1000baseT/Full` koma `Speed` ikuti `100Mb/s`, zipangizozo zimafuna gigabiti koma njira ya pakati yazikaniza. Magetsi a pa swichi amathandizanso, maswichi ambiri amayatsa girini pa gigabiti ndi olenji pa 100, koma izi zimasiyana malingana ndi amene anapanga ndiye werengani zolembedwa pa chipangizocho.

Musanaimbe mlandu kebulo tsimikizani kaye kuti mapoti onse awiri ndi a gigabiti. Marauta ambiri otchipa, kuphatikizapo ena a simu khadi, mapoti ake ndi a 100 chibadwire, pa katoni pamalembedwa 10/100 kapena Fast Ethernet, ndipo olo pa katoni yomweyo alembe 300 Mbps ndi zilembo zikuluzikulu imeneyo ndi ya wayifayi. Ma TV ambiri, olo odula, poti yake ndi ya 100. Tima adaputa ta USB timene timagula pa malaputopu opanda poti tambiri ndi ta 100, ndipo olo ka gigabiti mukakalowetsa pa USB 2.0 linki ionetsa 1.0 Gbps koma liwiro lenileni silipitirira cha m'ma 300. Zimenezi si kuwonongeka, palibe chokonza, ndi mmene chinapangidwira.

Ndifotokoze za ofesi ina yaing'ono imene ndinaitanidwa, chifukwa inaonetsa bwino mmene kufufuzaku kumayendera. Madzulo aliwonse makompyuta amatumiza bakapu ku kabokosi kosungira mafailo kamene kali pafupi ndi swichi. Pa desiki ina failo ya 20 GB imatenga mphindi zitatu, pa desiki ya akawuntanti failo yofanana imatenga pafupifupi theka la ola, ndipo mayiwo anali atazolowera kusiya kompyuta yoyaka akamaweruka. Windows pokopera imaonetsa 11 MB/s osasuntha, pomwe pa desiki inayo imasewera pa 110 ndi kupitirirako pang'ono. Apa samalani, MB/s ndi mabaiti, Mbps ndi mabiti, ndipo baiti imodzi ndi mabiti 8, nde 11 kapena 12 MB/s ndi 94 Mbps yomwe ija yangolembedwa mwanjira ina. Anali atasintha kale hadi disiki poganiza kuti kompyuta yakalamba, ndalama inapita koma palibe chinasintha.

Njira yochoka pa kompyuta kufika pa swichi inali ndi zidutswa zisanu, poti ya kompyuta, kebulo yaifupi yopita pakhoma, soketi ya pakhoma ndi waya wodutsa kudenga, kebulo ina yaifupi kumene kuli swichi, ndi poti ya swichi. Ntchito ndi kusintha chidutswa chimodzi pa nthawi, osati ziwiri, chifukwa mukasintha ziwiri zikachira simudziwa chimene chinali chodwala ndipo mwina mutaya chabwino n'kusunga choipa. Ndimayenda ndi kebulo yaifupi ya ku fakitale imene ndikudziwa kuti imapereka gigabiti, ndi laputopu ya poti ya gigabiti. Ndinayamba kulowetsa laputopu mwachindunji pa poti yomweyo ya swichi ndi kebulo yangayo, 1.0 Gbps, ndiye swichi ilibe mlandu. Ndinaikapo kebulo yawo yaifupi ya pa swichipo, 1.0 Gbps. Ndinapita pa desiki, laputopu yanga pa soketi ya pakhoma ndi kebulo yanga, getsi linachedwa kuyaka, kenako 100.0 Mbps. Apa nkhani inali itadziwika, kompyuta ya mayiwo sinalakwe chilichonse, vuto lili m'khoma.

Kenako tesita. Ija yotchipa ya zidutswa ziwiri, yoyendera batire la 9V, yokhala ndi timagetsi 1 mpaka 8. Mumaika chidutswa china kuno china uko, timagetsi timayaka motsatizana mbali zonse. Pamenepa tinayaka 1, 2, 3, 4, 5, 6, kenako palibe, kenako 8. Pini 7, waya woyera wa mizere ya bulauni. Nditamasula soketi pakhoma ndinapeza wayayo wangokhala pamwamba pa kampata kake, sanalowe pakati pa timano tachitsulo timene timayenera kuboola pulasitiki n'kuluma kopa, pulasitiki yake inali ndi kachizindikiro kakang'ono kosonyeza kuti wina anangomukankha ndi sikuludiraiva. Ndinadula masentimita angapo, kusenda mwatsopano, kukhomera mawaya onse 8 ndi chida chake chokhomera, tesita inayatsa onse, linki inabwera pa 1.0 Gbps ndipo bakapu ija inatha m'mphindi zitatu. Soketiyo iyenera kuti inali choncho kuyambira tsiku limene inaikidwa, kungoti nthawi imeneyo swichi inali ya 100 ndiye waya wa bulauni palibe amene ankamufuna. Chenjezo limodzi pa tesita yotere, musailowetse pa kebulo imene mbali ina ikadali pa swichi, makamaka yotumiza magetsi mu kebulo, mutha kuiwotcha.

Pulagi yokirimpa pamanja ndi imene imabweretsa mavuto ambiri kuposa china chilichonse, ine ndikaona kebulo yokirimpidwa pamanja ndimayamba kuikayikira imeneyo. Itengeni muiyang'ane powala, chakutsogolo kwake. Mukuyenera kuona nsonga za kopa zonse 8 zikunyezimira, zitagunda kumapeto kwa pulasitiki. Nthawi zambiri wofupika amakhala wa m'mphepete, 1 kapena 8, chifukwa poyala mawaya a m'mbali amayenda mtunda wautaliko, nde akapanda kudulidwa molingana wa bulauni amatsalira m'mbuyo ndipo pini imaluma mpweya. Yang'ananinso mapini a golide aja cham'mbali, onse akhale otsika mofanana, ina ikatsala m'mwamba ndiye kuti chokirimpira chatha mano. Chikopa chakunja cha kebulo chilowe mkati mwa pulagi n'kupanidwa, mukaona timawaya ta mitundu tikuonekera kumbuyo kwa pulagi dziwani kuti aliyense akakoka kebuloyo akukoka timawayato mwachindunji. Ndipo popota paja pasamasulidwe kwambiri, muyezo wa Cat5e, limene ndi gulu lina la makebulo a netiweki, umalola mamilimita 13 okha, chifukwa kupotedwako ndi kumene kumateteza peya ku phokoso la magetsi lochokera ku peya inzake.

Pali kulakwitsa kwina kumene tesita yotchipa siingakugwire, ndipo kumandipweteka chifukwa kumachitika ndi anthu amene akuyesetsa ndithu. Munthu amati bola mitundu ikhale yofanana mbali zonse, nde amayala olenji ziwiri, girini ziwiri, buluu ziwiri, bulauni ziwiri motsatizana. Tesita iyatsa 1 mpaka 8 bwinobwino poti waya aliyense wafika pamalo pake. Koma khadi la netiweki limayembekezera kuti pini 3 ndi 6 ndi peya imodzi yopotedwa limodzi, pomwe pakayalidwe kameneka 3 ali pa girini ndipo 6 ali pa buluu, osapotedwa limodzi, ndipo 4 ndi 5 nazonso zasiyana mapeya. Pa mita imodzi kapena ziwiri zimatha kuyenda, pa mamita 30 linki imatsika, pena mpaka pa 10 Mbps, kapena imakhalabe pamwamba koma ikutaya mapaketi. Dongosolo loyenera la T568B, mutagwira pulagi mapini akuyang'ana kwa inu kaloko kali kuseri ndipo kebulo ikulozera pansi, kuchokera kumanzere ndi loyera-olenji, olenji, loyera-girini, buluu, loyera-buluu, girini, loyera-bulauni, bulauni. Girini amalumpha buluu dala.

Nanga ukalamba wa kebulo? Apa anthu amawononga ndalama. Kopa sakalamba pongokhala. Gigabiti inapangidwa kuti iziyenda pa Cat5 yabwino, ndipo Cat5e imanyamula gigabiti mpaka mamita 100 popanda vuto, ndiye ngati pa chikopa cha kebulo yanu palembedwa Cat5e ndipo siinavulale, kugula Cat7 kapena Cat8 sikuwonjezera olo megabiti imodzi pa rauta ya gigabiti. Cat6 ndi yabwino pokoka zatsopano, imapereka mpata wa mtsogolo, koma si mankhwala a vuto la 94. Chimene chimapha kebulo yakale ndi zimene yadutsamo. Yapanidwa pa chitseko tsiku ndi tsiku, mpando wa matayala wakhala ukuiponda, wina anaikhomera kukhoma ndi msomali wopinda mpaka kuifinya, kudenga makoswe aitafuna, kapena ndi kebulo ya m'nyumba imene inakokedwa panja, dzuwa la Okutobala lang'amba chikopa, mvula yalowa n'kutsetsereka mkati mpaka pa pulagi, mukazula mupeza mapini achita zobiriwira. Palinso makebulo ena amene amabwera m'katoni ya marauta akale otchipa, opyapyala, mukayang'ana pa pulagi muli timawaya 4 tokha. Imeneyo siinawonongeke, siingapitirire 100 mpaka kalekale, ndipo imakonda kutsala m'dirowa n'kudzalowetsedwa pa rauta yatsopano.

Zofanana ndi zimenezi mumazipeza m'nyumba zina zakale za maofesi, kumene okoka mawaya anagawa kebulo imodzi pawiri kuti asunge ndalama, mapeya awiri ku kompyuta, ena ku foni ya pa desiki kapena ku soketi yachiwiri. Panthawi ya 100 Mbps zinkagwira ntchito ndithu. Tesita ikayatsa 1, 2, 3 ndi 6 zokha, ganizirani zimenezi musanayambe kusaka pamene paduka. Chimodzimodzi amene muli ndi kawailesi ka intaneti pa denga kapena kamera yolandira magetsi kudzera mu kebulo, tima injekita tina totchipa timatenga buluu ndi bulauni kukhala mawaya a magetsi okhaokha, ndiye linki yodutsa pamenepo ndi ya 100 olo kebulo ikhale yatsopano. Werengani pa kabokosiko, ka gigabiti kamalembedwa.

Kebulo imene ndimaida kwambiri ndi ya CCA, aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pang'ono pamwamba, imene yadzaza m'mashopu chifukwa bokosi lake ndi lotchipa kwambiri ndipo pa chikopa pamalembedwa Cat6 mopanda manyazi. Miyezo ya makebulo amenewa imafuna kopa weniweni. Aluminiyamu amakaniza magetsi kuposa kopa, amathyoka msanga akapindidwa kangapo, ndipo pamene pini yamuluma amayamba kuchita dzimbiri lake loyera, nde kebulo imayenda bwino mwezi woyamba kenako tsiku lina mupeza yatsika pa 100. Poidziwa, sendani waya mmodzi mupale ndi mpeni, mkati mukatuluka zoyera ngati siliva ndi imeneyo. Bokosi lakenso limapepuka mukaliyerekeza ndi la kopa. Pa kamera kapena wailesi yolandira magetsi mu kebulo musaiyerekeze n'komwe, imatentha ndipo magetsi amafika ochepa.

Poti nayo imawonongeka, ngakhale si kawirikawiri ngati pulagi. Walitsani tochi ya foni mkatimo, muona timawaya 8 tachitsulo topendekeka titaima mzere umodzi mofanana. Kena kakapindika, kakagwera pansi kapena kakakwera pa kanzake, vuto ndi limenelo, ndipo zimachitika munthu akakakamiza pulagi yaing'ono ya foni kapena pulagi yokirimpidwa moipa, kapena akapunthwa pa kebulo laputopu ili pa tebulo. Chipangizo chitazimitsidwa mutha kuyesa kukadzutsa pang'onopang'ono ndi kanthu kosongoka, pena zimatheka pena kamathyoka. Fumbi ndi zisa za tizilombo zimatsekanso mapoti amene akhala osagwiritsidwa ntchito. Kaloko ka pulasitiki ka pa pulagi kakathyoka musakapeputse, pulagi imabwerera m'mbuyo pang'ono chabe osagwa, mapini ena akukhudza ena ayi, ndipo lero muli pa gigabiti mawa wosesa akagunda muli pa 100. Ndiye pali mphenzi. Nyengo ya dzinja kebulo yaitali yodutsa panja kuchoka nyumba ina kupita ina imatola mphamvu ya mphenzi olo yagwera patali, ndipo poti imatha kupsa mbali imodzi, kumagwirabe pa 100 koma gigabiti osaitha. Mukaona kuti vuto linayamba kutacha usiku wa mabingu, sunthirani kebulo yomweyo pa poti ina ya swichi. Ikabwera pa gigabiti, poti yoyambayo imateni tepi kuti wina asadzaigwiritsenso ntchito. Pakati pa nyumba ziwiri njira yokhalitsa ndi faiba, poti galasi silinyamula magetsi.

Mtundu wovuta kuugwira ndi pamene linki ikuonetsa 1.0 Gbps koma zinthu zikuyendabe mokoka. Apa mawaya onse 8 akukhudza, koma wina akukhudza mofooka kapena phokoso lachuluka, mapaketi ena akufika owonongeka, akutayidwa, akutumizidwanso, ndipo TCP, imene imayendetsa katumizidwe ka mapaketiwo, ikaona mapaketi akutayika imachepetsa liwiro yokha. Nambala siima pa 94, imakwera n'kugwa. Kuti musasokoneze ndi vuto la intaneti yezani pakati pa makompyuta awiri a m'nyumba momwemo ndi pulogalamu ya iperf3, ina ikhale yolandira ina yotumiza:

```
iperf3 -s
iperf3 -c 192.168.1.20
iperf3 -c 192.168.1.20 -R
```

mzere woyamba mulembe pa kompyuta yolandira, iwiri inayo pa yotumiza, adiresiyo muike ya kompyuta yolandirayo, ndipo `-R` imatembenuza kuti muyeze mbali inayo, chifukwa kebulo yodwala imatha kuyenda bwino popita n'kumavuta pobwera. Linki yabwino ipereka cha m'ma 940 mbali zonse. Kenako onani chiwerengero cha zolakwika, pa Linux `ip -s link show eth0`, pa Windows `netstat -e` pa mzere wa Errors, pa swichi yokhala ndi tsamba loiyendetsera muyang'ane CRC pa poti imeneyo. Nambala yakale ilibe ntchito kwenikweni, chofunika ndi kuona ngati ikukwera pamene mukukopera. Pa kebulo yabwino imakhala pa 0 kapena siisuntha. Mutha kugwedeza kebulo pafupi ndi pulagi uku mukuyang'ana, nambala ikalumpha mwapeza malo ake.

Chinthu chimodzi chimene ndikupemphani musachite ndi kupita mu Device Manager, pa Speed & Duplex, n'kukakamiza sipidi. Kusankha `1.0 Gbps Full Duplex` sikulumikiza waya woduka, linki ingosowa basi. Kusankha `100 Mbps Full Duplex` mbali imodzi yokha ndiye koopsa kwambiri, chifukwa pa makhadi amene amasiyiratu kukambirana mukatero, swichi imazindikira sipidi ya 100 koma siidziwa za dupulekisi, nde imagwera pa hafu, kutanthauza kuti imaganiza kuti mbali ziwirizi ziyenera kulankhula mosinthana pomwe kompyuta ikulankhula nthawi iliyonse. Mapaketi amawombana, ndipo liwiro limatha kugwa pansi kwambiri kuposa 94 mumaidandaula ija. Ndiye ngati mwapeza kompyuta ili pa 100 ndipo kebulo yayezedwa ili bwino, onani pamenepo, mwina wina anakakamiza kalekale n'kuiwala, bwezerani pa `Auto Negotiation`.

Pokonza, kebulo yaifupi ya pa desiki musavutike nayo kuikirimpanso, gulani ya ku fakitale ya kopa weniweni, ndipo yakaleyo muidule pakati musanaitaye, apo ayi ibwerera m'dirowa ndipo miyezi ikubwerayi idzavutitsa munthu wina. Waya wodutsa m'khoma kapena kudenga yambani ndi kumanganso nsonga zonse ziwiri, poti mavuto ambiri amakhala kunsonga osati pakati, ndipo waya wa m'khoma amakhala wa kopa mmodzi wolimba amene malo ake ndi pa soketi yokhomera, osati kumuveka pulagi n'kumamupinda tsiku lililonse kuseri kwa kompyuta. Mukamanganso nsonga zonse koma tesita ikuzimabe pa pini yomweyo, ndiye kuti paduka ndi pakati, kwerani kudenga mukaone kapena kokani wina. Zopotokola mawaya n'kumata tepi ngati waya wa getsi zimatha kubweretsa linki koma kawirikawiri ya 100 kapena yotaya mapaketi, ngati simungakoke watsopano gwiritsani ntchito kabokosi kolumikizira ka Cat5e kapena Cat6 kokhomera mawaya onse 8. Ndipo pokoka watsopano werengani mamita olembedwa pa chikopa, malire ndi 100 kuphatikiza makebulo aafupi a mbali zonse, mtunda ukapitirira pamenepo ikani swichi pakati kapena pitani pa faiba.